Ufa wa mapuloteni: werengani za m'mbale musanagule chigubu

Mnyamata akangoyamba kunyamula zitsulo, sipatha mwezi asanamve kuti thupi silingakule popanda ufa. Amaziona yekha zigubu zikuluzikulu zili ndanda pashelefu pakhomo la jimu, zakuda, zojambulidwa anthu a zifuwa ngati ng'ombe, ndipo amaona anzake akukhutchumula mabotolo akamaliza masewera. Iye amapita kunyumba kukadya nsima ya nyemba ali ndi kamtima koti thukuta lake lapita pachabe. Zimandipweteka ndikaona wachinyamata wotere akuchepetsa ndalama ya ndiwo kuti akwanitse kugula chigubu, chifukwa nthawi zambiri amakhala asanawerengepo mapuloteni amene akudya kale, ndiponso sadziwa kuti m'chigubumo muli chiyani kwenikweni.

Tiyambe ndi muyeso. Munthu wamkulu amene sachita masewera olimba amafunika magalamu pafupifupi 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku. Wonyamula zitsulo amafunika ochulukirapo, pakuti ponyamula zolemera minofu imapwetekeka pang'ono, ndipo thupi limaikonza ndi kuikulitsa pogwiritsa ntchito mapuloteni a m'zakudya. Funso ndi lakuti ochulukawo afike pati. M'chaka cha 2018 akatswiri otsogozedwa ndi a ku yunivesite ya McMaster ku Canada anasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku 49, momwe munali anthu 1,863 amene ananyamula zitsulo kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Anapeza kuti phindu limakwera mpaka munthu akafika pa magalamu pafupifupi 1.6 pa kilogalamu patsiku, ndipo kupitirira pamenepo minofu sionjezekeranso kwenikweni. Anapezanso kuti amene ankamwa mapuloteni oonjezera anaposa anzawo ndi minofu yolemera pafupifupi magalamu 300 okha. Magalamu 300 ndi phindu lenileni, sindikulinyoza, koma ndi kanyama kochepa kuposa theka la kilogalamu imene mumagula kubutchala. Mbali yaikulu ya kukula kwa anthu amenewa inachokera ku zitsulo zimene ankanyamula.

Mbale ya munthu wa makilogalamu 70

Tiyerekeze mwamuna wolemera makilogalamu 70, wogwira ntchito m'tauni, amene amapita kujimu kanayi pa mlungu. Tikachulukitsa 70 ndi 1.6 tikupeza magalamu 112 patsiku. Tsopano timutsate pa chakudya chake cha masiku onse.

M'mawa amamwa tiyi wopanda mkaka ndi masilayisi anayi a buledi, ndipo apa apezapo magalamu ngati 10. Masana amadya nsima ndi nyemba. Anthu ambiri amaiwala kuti nsima nayo ili ndi mapuloteni: ufa wa magalamu 150, umene ndi wokwana mitanda ya munthu wanjala, umapereka magalamu ngati 12, ndipo mgaiwa umaposako pang'ono ufa woyera. Kapu yodzaza ya nyemba zophika imaonjezera magalamu 15. Madzulo nsima inanso, magalamu 12, ndi masamba amene angapereke 2, ndi kausipa kapambali kolemera magalamu 20 kasanaphikidwe. Usipa wouma ndi wamphamvu kwambiri pa nkhaniyi, chifukwa madzi anachokamo ndipo mapuloteni amaposa theka la kulemera kwake, choncho kausipa kameneka kapereka magalamu ngati 12. Tikaphatikiza zonse tikupeza 63.

Munthu ameneyu sakuperewera zakudya zomanga thupi monga munthu wamba, pakuti muyeso wa 0.8 uja ukumupatsa 56. Koma monga wonyamula zitsulo watsala ndi magalamu pafupifupi 50 kuti afike pa 112. Wogulitsa ufa akanena kuti nsima ya nyemba yokha siikwanira, pamenepo sakunama. Chimene sanena ndi chakuti magalamu 50 amenewa amapezeka pamsika womwewo wa ndiwo. Mazira awiri owiritsa pa tiyi wa m'mawa ndi magalamu 12, poti dzira limodzi lili ndi 6. Theka la lita la mkaka kapena chambiko ndi magalamu 16. Mtedza wokazinga wodzaza dzanja, wa magalamu 40, ndi 10. Akawirikiza usipa wa madzulo uja aonjezera 12. Zonsezi zikukwana 50, ndipo munthu uja wafika pa 113 osatsegula chigubu chilichonse. Tsiku lina m'malo mwa usipa angadye soya pisi, amene ali wouma amakhala ndi mapuloteni pafupifupi theka la kulemera kwake, kapena nkhuku, imene magalamu 100 a mnofu wophika amapereka 27 kapena kuposerapo.

Pali mfundo imodzi ya ogulitsa imene iyenera kuyankhidwa bwino, yakuti mapuloteni a zomera ndi "osakwanira". Mapuloteni amapangidwa ndi tizidutswa totchedwa ma amino asidi, ndipo tisanu ndi tinayi mwa timeneti thupi silingathe kupanga lokha. Chimanga chili ndi kachidutswa kotchedwa laisini kochepa kwambiri. Nyemba, nandolo, khobwe ndi soya zili ndi laisini wambiri. Ndiye nsima ya nyemba imakwanirana yokha m'mbale momwemo, monganso chimanga ndi soya zimakwanirana m'phala la Likuni. Mukaikapo dzira, mkaka kapena nsomba tsiku lomwelo, nkhani ya kusakwanirayo yatha.

Nanga za kumwa ufa msangamsanga mukangotula chitsulo, mphindi 30 zisanathe? Akatswiri atasanthula akafukufuku ambiri mu 2013 anapeza kuti chimene chimalamula kukula kwa minofu ndi kuchuluka kwa mapuloteni a tsiku lonse, ndipo nthawi yeniyeni yomwera ilibe mphamvu yaikulu. Kugawa chakudya katatu kapena kanayi patsiku, magalamu 20 mpaka 40 nthawi iliyonse, n'kokwanira. Mgonero umene ukukudikirani kunyumba ugwira ntchito yomweyo.

Kodi m'chigubumo muli chiyani?

Ufa wodziwika kwambiri ndi wa weyi. Weyi ndi madzi aja amene amalekana ndi mkaka ukaundana, omwe aliyense wosunga mkaka wowawasa anawaonapo. M'mafakitale opanga tchizi madzi amenewa amatsala ambirimbiri, ndipo kale ankawamwetsa nkhumba kapena kungowataya. Masiku ano amawasefa, kuchotsamo shuga wa mumkaka ndi mafuta ena, n'kuwaumitsa kukhala ufa. Akasefa pang'ono amapeza konsentireti, imene yabwino yake imafika magalamu 80 a mapuloteni pa 100 aliwonse. Akasefa kwambiri amapeza aisoleti, ya magalamu 90 pa 100, yodulirapo. Palinso ufa wa kesini, wochokeranso mumkaka koma wogayika pang'onopang'ono, ndi ufa wa zomera monga soya, nsawawa ndi mpunga. Palibe mankhwala okulitsa thupi m'zimenezi. Ndi chakudya chouma basi, chachibale cha mkaka wa ufa umene timathira mu tiyi.

Pokhala chakudya chouma, chili ndi malo ake, ndipo sindifuna kuwabisa. Munthu amene akufuna kuchepetsa mafuta m'thupi koma minofu isaphwe amathandizika nacho kwambiri: mtedza wa magalamu 40 uja umabwera ndi makalori oposa 200 pa magalamu 10 okha a mapuloteni, pomwe kachipande kamodzi ka weyi kamapereka magalamu 24 pa makalori ngati 120. Munthu wamkulu thupi, wa makilogalamu 95 a minofu, amene muyeso wake ndi magalamu 152 patsiku, angatope n'kutafuna. Wophunzira wogonera kusukulu amene sasankha ndiwo, namwino wa usiku, dalaivala wa maulendo ataliatali, onsewa angapeze kuti botolo ndi losavuta kuposa mphika. Ngati mwawerenga monga tachitira pamwambapa ndipo mpata ukutsalabe umene simungathe kuutseka ndi chakudya, gulani ufa, koma muugule mutautembenuza.

Tembenuzani chigubu

Kutsogolo kwa chigubu kumalankhula wotsatsa malonda. Inu werengani kumbuyo, pa kabokosi ka manambala. Pezani manambala awiri: kulemera kwa muyeso umodzi womwa, ndi mapuloteni amene ali m'muyesomo. Gawani lachiwiri ndi loyamba. Ngati kachipande ndi ka magalamu 30 ndipo mapuloteni ndi 24, ndiye kuti 80 pa 100 aliwonse a ufawo ndi mapuloteni, ndipo umenewo ndi ufa wabwino. Ngati chigubu chikudzitama kuti chimapereka magalamu 30 koma muyeso wake ndi zipande ziwiri zolemera magalamu 60, ndiye kuti theka lokha ndilo mapuloteni, theka linalo mukugula sitalichi, shuga ndi zokometsera. Ufa wa weyi wotsika kuposa 70 pa 100 ine ndimaubwezera pashelefu.

Kuti mudziwe ngati mtengo wake ndi woyenera, yerekezani ndi mazira, chifukwa mtengo wa thireyi aliyense amaudziwa ngakhale kwacha itasintha bwanji. Kilogalamu imodzi ya ufa wa 75 pa 100 ili ndi magalamu 750 a mapuloteni. Tikagawa ndi 6 tikupeza mazira 125, omwe ndi mathireyi anayi ndi mazira asanu. Funsani mtengo wa chigubu cha kilogalamu imodzi, funsaninso mtengo wa mathireyi anayi lero lomwe, ndipo mudziwa ndalama imene mukulipirira kupepukidwa kwa kusaphika.

Chiwerengero chomwechi chimaulula zigubu zikuluzikulu zija zolembedwa kuti n'zonenepetsa msanga, zimene zimaoneka zotchipa chifukwa cha kukula kwake. Zambiri mwa izo zimakhala ndi mapuloteni 15 kapena 20 pa 100, ndipo chotsalacho ndi malitodekisitirini, sitalichi yophwanyidwa imene kawirikawiri imapangidwa kuchokera ku chimanga. Kilogalamu ya ufa wa 15 pa 100 ili ndi mapuloteni a mazira 25 okha, osakwana n'thireyi imodzi yomwe. Munthu wa kuno kwathu, amene chimanga ndiye chakudya chake cha tsiku ndi tsiku, alibe chifukwa chogulira sitalichi ya chimanga yochokera kunja pa mtengo wa mapuloteni. Wofuna kunenepa aphike phala la mgaiwa lothira nsinjiro ndi mkaka, adyere nthochi.

Kenako werengani mndandanda wa zimene zinasakanizidwamo. Zimalembedwa kuyambira cholemera kwambiri kutsika mmunsi, choncho choyamba chiyenera kukhala gwero la mapuloteni lotchulidwa dzina lake. Apa ndi pamene pamabisala chinyengo chimene kabokosi ka manambala sikangakuonetseni, ndipo kuti tichimvetse tiyenera kudziwa mmene mapuloteni amayezedwera.

M'chaka cha 1883 katswiri wa ku Denmark, Johan Kjeldahl, amene ankagwira ntchito mu labotale ya Carlsberg ku Copenhagen, anapeza njira yoyezera mapuloteni m'mbewu zofulira mowa. Njirayo siiyeza mapuloteni enieniwo. Imayeza naitirojeni, pakuti pafupifupi magalamu 16 pa 100 aliwonse a mapuloteni ndi naitirojeni, ndiye ukachulukitsa naitirojeni wopezekayo ndi 6.25 umadziwa mapuloteni. Njirayi ndi zina zofanana nayo zikugwirabe ntchito mpaka lero. Vuto lake n'lakuti chinthu chilichonse chokhala ndi naitirojeni chimawerengedwa ngati mapuloteni. Anthu osakhulupirika ku China anagwiritsa ntchito mpata womwewu mu 2008 pothira melamini mumkaka wosungunulidwa ndi madzi, ndipo makanda pafupifupi 300,000 anadwala, asanu ndi mmodzi n'kumwalira. M'ufa wa kujimu chinyengo chake sichikhala chakupha chotere, koma nzeru yake ndi yomweyo. Wopanga amachepetsa weyi wodula n'kuthiramo zinthu zotchipa zokhala ndi naitirojeni, monga gilayisini, tawurini kapena kiriyetini. Kiriyetini ali ndi naitirojeni wowirikiza kawiri wa mapuloteni, moti galamu imodzi imaoneka ngati magalamu awiri pa muyeso wa labotale. Kiriyetini payekha ndi chinthu chothandiza onyamula zitsulo, koma si mapuloteni, ndipo sayenera kuwerengedwa pa magalamu 24 amene mwalipira.

Mungachigwire bwanji chinyengo chimenechi muli m'sitolo? Ngati maina amenewa alembedwa chakumayambiriro kwa mndandanda, kapena aphimbidwa ndi dzina lokoma la "msakanizo wapadera" popanda kutchula kulemera kwa chilichonse, chenjerani. Opanga ena amasindikiza kuchuluka kwa amino asidi aliyense, ndipo zimenezi zimathandiza. Yang'anani wotchedwa lusini. Mu weyi weniweni lusini amakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mapuloteni, choncho pa magalamu 25 payenera kukhala lusini wokwana magalamu 2.5 kapena kuyandikira. Akakhala 1.5, m'chigubumo muli china chimene chalanda malo a weyi. Ndipo ufa wotchipa kwambiri kuposa anzake onse, pomwe weyi ali ndi mtengo wake pamsika wa dziko lonse, uyenera kukufunsitsani kuti wopangayo wapulumutsira pati ndalama.

Zimene sizilembedwa

Ambiri amaganiza kuti chilichonse chochokera ku America kapena ku Ulaya chinayezedwa ndi boma chisanatuluke m'fakitale. Ku America lamulo la 1994 limalola zakudya zoonjezera zoterezi kugulitsidwa popanda bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala kuzivomereza kaye. Labotale ya ku Cologne m'dziko la Germany itayeza zakudya zoonjezera za amasewera zamitundumitundu zokwana 634, zogulidwa m'maiko 13 m'zaka za 2000 ndi 2001, inapeza kuti 94 zinali ndi mankhwala a mtundu wa masiteroyidi amene sanalembedwe pachikuto. Kwa wosewera mpira, wankhonya kapena wothamanga amene amayezedwa mkodzo, zotere zingamuletsetse masewera, pakuti malamulo amati wosewera ndiye amayankha pa chilichonse chopezeka m'thupi mwake. Palinso nkhani ya mtovu ndi zitsulo zina zapoizoni, zimene zomera zimayamwa m'nthaka. Bungwe la ogula la Consumer Reports ku America layezapo maufa amenewa n'kupeza mtovu mwa ena, ndipo a zomera ndiwo amakhala nawo wambiri kuposa a mkaka. Kachipande kamodzi sikadwalitsa munthu, koma womwa zipande zitatu tsiku lililonse kwa zaka ayenera kuganizirapo.

Chitetezo chimene wogula ali nacho ndi chizindikiro cha oyeza oima paokha. Ziwiri zodziwika ndi Informed Sport ya ku Britain ndi NSF Certified for Sport ya ku America. Chizindikiro chokha chingakoperedwe, choncho tengani nambala ya gulu la katundu yodindidwa pansi kapena pambali pa chigubu, muifufuze pa tsamba la intaneti la oyezawo. Onaninso kuti chomatira cha pansi pa chivundikiro n'chosang'ambika, ndipo tsiku lothera ntchito silinafufutidwe kapena kumatidwa kapepala kena. Ufa wopimidwa m'timapepala ta pulasitiki topanda dzina, wogulitsidwa chipande chipande ngati mchere, musagule, chifukwa palibe njira yodziwira ngati ndi weyi, mkaka wa ufa kapena ufa wa chinangwa wothira koko.

Za m'mimba nazo n'zofunika kuzitchula. Akuluakulu ambiri kuno sagaya bwino lakitozi, shuga wa mumkaka. Ngati mkaka wamadzi umakutupitsani mimba, konsentireti ingachitenso chimodzimodzi, ndipo aisoleti kapena ufa wa soya ndi umene ungakuyanjeni. Pa za impso, kafukufuku sanaonetse kuti miyeso imene tatchulayi imawononga impso za munthu wathanzi. Koma amene ali ndi matenda a impso, kapena wakhala nthawi yaitali ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi, matenda amene amawononga impso mwakachetechete, ayambe waonana ndi dokotala asanachulukitse mapuloteni, kaya a m'chigubu kaya a m'mbale.

Timitanda tokutidwa ndi chokoleti

Timitanda ta mapuloteni ndi nkhani yaifupi, chifukwa tambiri ndi maswiti oonjezeramo mapuloteni. Kamtanda kabwino ka magalamu 60 kamakhala ndi mapuloteni 20 ndi makalori pafupifupi 200 kapena kuposerapo pang'ono. Galamu ya mapuloteni ndi makalori 4, choncho 20 ndi makalori 80, ndipo otsalawo ndi mafuta, shuga ndi zomatira. Kamtanda ka mapuloteni 8 kapena 10 pa makalori 250 sikasiyana kwenikweni ndi mtedza wokazinga ndi shuga.

Pali zinthu ziwiri zoyang'ana pamndandanda wake. Choyamba ndi kolajeni kapena jelatini, mapuloteni ochokera ku zikopa ndi mafupa a nyama, a mtundu womwe uja umaundanitsa msuzi wa mapazi a ng'ombe ukazizira. Opanga amawakonda chifukwa amafewetsa kamtandako, ndipo amawerengedwa pa magalamu 20 aja, koma alibiretu amino asidi mmodzi wofunika wotchedwa tiriputofani ndipo lusini wake ndi wochepa, motero samanga minofu ngati weyi, dzira kapena soya. Akakhala woyamba kapena wachiwiri pamndandanda, magalamu ogwira ntchito ndi ochepa kuposa olembedwawo. Chachiwiri ndi zotsekemeretsa monga malitito ndi sobito, zimene zimaikidwa m'timitanda tolembedwa kuti tili ndi shuga wochepa. Matumbo sazigaya zonse, ndipo zotsalazo zimakoka madzi ndi kubweretsa mpweya, moti wodya timitanda tiwiri kapena titatu motsatizana angatsegule m'mimba osadziwa chamuchititsa.

Kamtanda ka magalamu 20 kamafanana ndi mazira atatu ndi kachigawo ka lachinayi. Ubwino wake ndi woti kamakhala m'chikwama milungu ingapo osaonongeka, pomwe dzira lowiritsa liyenera kudyedwa tsiku lomwelo ngati palibe filiji. Pa ulendo wa basi wochokera ku Blantyre kupita ku Mzuzu, kapena pa tsiku la mpikisano pamene simudziwa kuti mudya nthawi yanji, kamodzi kangakuthandizeni. Muzingokasunga pamthunzi, chifukwa m'dzuwa la Okutobala chokoleti chija chimasungunukira m'pepala musanafike n'ku Ntcheu komwe.